Cheke cha kasitomala chabwerera: mafunso ndi mayankho pa kaitanitsidwe ka ndalama zanu ndi machaji a kubanki

Mafunso awa amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu ochita malonda muno mu Blantyre: ogulitsa simenti ndi malata ku Limbe, osindikiza mapepala ku Ginnery Corner, okonza magalimoto a makampani, ophikira anthu pamisonkhano. Katundu anapita kapena ntchito inagwirika, cheke munalandira, munakachisiya kubanki, ndiye patapita masiku angapo mwamva kuti chabwerera, ndipo banki yakudulaninso kena kake. Kuti zimveke bwino, tizitsatira chitsanzo chimodzi: shopu ya ku Limbe yomwe inagulitsa simenti ndi malata za K1,850,000 kwa kontilakitala amene akumanga nyumba ku Chirimba. Manambala ndi masiku onse a m'chitsanzochi ndi ongoyerekeza.

Banki yandiuza kuti cheke chabwerera. Ndiyambire pati?

Yambirani kubanki kwanu komweko, foni ya kasitomala idikire kaye. Mukufuna zinthu zitatu: chifukwa chimene chekecho chabwerera monga achilembera a banki, chekecho kapena chithunzi chake chokhala ndi chidindo, ndi sitetimenti ya akaunti yanu yosonyeza masiku amenewo.

Pa sitetimenti muyang'ane mizere itatu. Woyamba ndi wa tsiku limene munasiya cheke, pamene K1,850,000 inaoneka ngati yalowa. Wachiwiri ndi wa tsiku limene ndalama yomweyo inachotsedwanso. Wachitatu, ngati ulipo, ndi wa chaji ya cheke chobwerera. Ambiri amathamangira kuimba foni atangolandira uthenga wa pa foni, mtima uli m'mwamba, ndiye kasitomala akafunsa kuti “chabwerera chifukwa chiyani?” alibe yankho. Pamenepo mwampatsa mpata woti anene kuti vuto lili kubanki yanu, ndipo sabata imatha mukukankhirana.

Koma musazengereze. Lamulo la macheke, Bills of Exchange Act, limayembekezera kuti mwini cheke adziwitsidwe msanga kuti cheke chake chakanidwa. Mukamva Lachinayi, iye amve Lachinayi lomwelo kapena Lachisanu.

Mawu amene a banki alemba pa chekecho akutanthauza chiyani?

Amalemba m'Chingerezi, mwachidule, ndipo mawu amenewo ndi amene amakuuzani kuti mulankhule bwanji ndi kasitomala wanu.

`Refer to drawer`, kapena kungoti `R/D`, ndiko kuti kafunseni mwini wake. Banki siingakuululireni za m'akaunti ya munthu wina, koma nthawi zambiri mawuwa amatanthauza kuti ndalama zinali zosakwana. `Effects not cleared` ndi m'bale wake: m'akaunti mwa kasitomala munaikidwa cheke cha wina chomwe sichinakhwime, ndiye ndalama zikuoneka koma sizingatuluke. Kontilakitala amene akudikira malipiro kwa mwini nyumba amagwa m'mbuna imeneyi kawirikawiri.

Pali zina zomwe ndi zolakwika pa kalembedwe chabe. `Words and figures differ` ndi pamene ndalama yolembedwa m'mawu ikusiyana ndi ya m'manambala. `Signature differs` ndi pamene siginecha sikufanana ndi imene banki imasunga. Makampani ambiri, mipingo ndi mabungwe amafuna anthu awiri asayine, ndiye cheke chokhala ndi siginecha imodzi chimabwerera ngakhale akaunti itadzaza. Pofufuta kapena posintha popanda siginecha pambali pake napo pamabwezetsa cheke. Zimenezi sizichititsa manyazi kwenikweni, ndipo kasitomala amakonza tsiku lomwelo.

Ziwiri ndi zoopsa. `Payment stopped` ndiye kuti mwini wake anauza banki kuti isalipire: mwina pali dandaulo pa katundu wanu limene sanakuuzeni, mwina akungofuna kukuzembani. `Account closed` ndiye kuti wakupatsani pepala la akaunti yotsekedwa, ndipo pamenepa musataye masiku ndi ulemu wambiri.

Ziwiri zina zimaloza kwa inu. `Post-dated` ndiye kuti munakasiya cheke tsiku lake lisanakwane. `Stale` ndiye kuti munachisunga mpaka chapitirira miyezi 6 kuchokera pa tsiku lolembedwapo. Ngongole ikadalipo, ndipo muli ndi ufulu wopempha malipiro ena, koma chaji ya banki pa zifukwa ziwirizi ndi yanu. Kumutumizira kasitomala chaji yotere n'kudziputira mkangano womwe simungapambane.

Kodi cheke chikabwerera ngongole imakhala pati?

Imakhala pomwe inali. Kulandira cheke ndi kulandira malipiro omwe amatsimikizika pokhapokha banki ikalipira. Ikakana, kontilakitala uja ali nanu ngongole ya K1,850,000 monga zinalili asanalembe chekecho, ngakhale munampatsa lisiti. Ndiye chifukwa chake ndi bwino kulemba nambala ya cheke pa lisiti lililonse la malipiro a cheke.

Machaji amene ndingamuuze kuti abweze ndi ati?

Apa ndi pamene anthu amasokonezana kwambiri, chifukwa mabanki okhudzidwa ndi awiri. Banki ya kasitomala imamulipiritsa iyeyo chindapusa chifukwa cholemba cheke chopanda ndalama, ndipo chindapusa chimenecho nthawi zambiri chimakhala chachikulu. Banki yanu nayo ikhoza kukudulani chaji yake chifukwa chobweza chekecho. Mukamuuza za machaji, yankho loyamba limene mungamve ndi lakuti, “Akulu, inetu andidula kale.” Sakunama. Koma chomwe anadulidwa iye chinapita kubanki yake, sichinabweze kanthu m'akaunti mwanu. Mufotokozereni zimenezi modekha, sitetimenti ili patsogolo.

Chimene mungaitanitse mosakayika ndi chaji imene ikuoneka pa sitetimenti yanu, ndendende mpaka tambala. Mitengo imasiyana banki ndi banki, ya ku National Bank si ya ku Standard Bank, NBS kapena FDH, ndipo imasinthidwa nthawi ndi nthawi, choncho musatenge nambala imene munamva kwa mnzanu. Ngati banki yanu sinakuduleni chilichonse, palibe choitanitsa. M'chitsanzo chathu tiyerekeze kuti shopu ija yadulidwa K20,000. Zonse pamodzi ndi K1,870,000, koma polemba muzizilekanitsa: K1,850,000 ya katundu, K20,000 ya chaji.

Pali chachiwiri chimene chikhoza kuitanitsidwa, koma chofuna umboni. Tiyerekeze kuti shopuyo ili ndi pangano la ovadilafuti ndi banki yake, loilola kutapa ndalama zoposa zimene zili m'akaunti, ndipo podalira cheke chija inalipira amene amaipatsa simenti. Cheke chitabwerera, akaunti inatsika mpaka kukhala ndi ngongole ya K600,000 kwa masiku 10. Ngati chiwongoladzanja chili pa 36 peresenti pachaka, kawerengedwe kake ndi aka:

```
600,000 x 0.36 x 10 / 365 = 5,918
```

K5,918 imeneyi yabweradi chifukwa cha cheke chobwerera, ndipo mukhoza kuitchula. Kasitomala naye akhoza kuyankha kuti palibe anakuuzani kuti mudye ndalama isanakhwime, ndipo ali ndi mfundo. Ine ndimaona kuti kwa kasitomala amene mukufuna kupitiriza naye malonda, iyi ndi ndalama yabwino kuitchula kenako n'kuisiya: amaona kuti mwamuganizira, ndipo K20,000 ija amalipira osawiringula.

Nanga mafuta, minibasi, mayunitsi ndi nthawi imene ndataya?

Zisiyeni, pokhapokha ngati zinalembedwa m'pangano lanu kuyambira pachiyambi. Mukangowonjezera “K50,000 ya chisokonezo” imene siikuoneka pa pepala lililonse la banki, nkhani imachoka pa cheke chake n'kupita pa dyera lanu, ndipo munthu amene anali wolakwa amasanduka wodandaula.

Ndiimbe foni, ndipiteko, kapena ndilembe kalata?

Imbani kaye, kenako lembani tsiku lomwelo. Foni imateteza ubale, kalata imateteza ndalama.

Ganizirani kuti mwina munthuyo sakudziwa n'komwe. Kukampani, amene anakupatsani oda si amene amalemba macheke, ndipo amene amalemba macheke si amene amasayina. Ngati ndi kampani, funsani a ku maakaunti, koma amene munagwirizana naye malonda adziwenso. Ngati ndi munthu payekha, mulankhuleni ali yekha. Kumufikira pa saiti amisiri ake akumva, kapena kumusiyira uthenga kwa mlonda, n'kumuvula pagulu, ndipo munthu wochititsidwa manyazi amayamba kuteteza nkhope yake m'malo mofunafuna ndalama zanu.

Mawu ake sayenera kuchuluka. Mwachitsanzo:

“Bwana, mwaswera bwanji? Ndine wa ku shopu ya ku Limbe kuja munatenga simenti ndi malata. Pepani kukusokonezani, cheke chija cha K1,850,000 a banki achibweza lero, ati tikafunse kwa inu. Atidulanso K20,000. Ndikutumizirani chithunzi cha chekecho ndi sitetimenti pompano. Tingakonze bwanji kuti pofika Lachisanu la sabata yamawa zikhale zatheka?”

Onani kuti palibe mawu akuti “mulibe ndalama” kapena “mwatinamiza.” Mwanena zimene banki yachita, mwatchula ndalama ziwirizo, mwatchula tsiku. Funso lomaliza likumupatsa mpata wosankha njira, osati wosankha ngati alipire kapena ayi. Akati, “Aaa, pepani achimwene, ndiona mmene ndichitire,” musatseke foni pamenepo. “Ndiona” si tsiku. Funsani kuti, “Ndilembe Lachisanu, bwana?”

Kalatayo ikhale yotani?

Yaifupi, yopanda mkwiyo, yokhala ndi manambala onse. Makalata ambiri a malonda muno amalembedwa m'Chingerezi, koma mfundo zake ndi zomwezi m'chilankhulo chilichonse:

> Wokondedwa Bwana,
>
> CHEKE NAMBALA 000417 CHA K1,850,000
>
> Potsatira zimene tinakambirana pa foni lero, 12 Juni, tikukudziwitsani kuti cheke chanu nambala 000417 cha K1,850,000, chimene munalipirira invoisi nambala 0352, chabwezedwa ndi banki. Tinachisiya kubanki pa 9 Juni, ndipo chifukwa chimene alemba ndi `Refer to drawer`.
>
> Banki yathu yatidula K20,000 chifukwa cha kubwerera kwa chekechi. Taphatikiza chithunzi cha cheke ndi mbali ya sitetimenti yosonyeza chajiyo.
>
> Tikupempha kuti mulipire K1,850,000 ya invoisi ndi K20,000 ya chaji, zonse pamodzi K1,870,000, potumiza mwachindunji ku akaunti yathu pasanafike kapena pa Lachisanu, 20 Juni. Ndalama zikaoneka m'akaunti mwathu tidzakubwezerani chekecho ndi kukupatsani lisiti.
>
> Ngati pali chovuta pa katundu amene tinakupatsani, chonde tiuzeni mwa kalata lisanafike tsikuli.

Chiganizo chomalizacho chili ndi ntchito. Munthu amene wasowa ndalama amakumbukira mochedwa kuti “malata aja anali opyapyala.” Mukamufunsa lero n'kukhala chete, dandaulo lotulukira mwezi wamawa limakhala lopepuka.

Potumiza sitetimenti, bisani mizere ina yonse ndi balansi yanu. Iye aone mzere wa cheke chake ndi wa chaji basi. Kalata ipite pamanja, wolandira asayine ndi kudinda pa kope lanu. Itumizeninso pa imelo kapena pa WhatsApp, pomwe tsiku ndi nthawi zimasungika zokha.

Ndilandire cheke china kapena ndiumirire njira ina?

Zitengera chifukwa chija. Ngati linali vuto la siginecha kapena kalembedwe, ndipo kasitomala ndi kampani imene malamulo ake amafuna cheke, cheke chatsopano chilibe vuto. Chiwerengeni muli pomwepo: tsiku, dzina lanu monga lilili kubanki, mawu ndi manambala, masiginecha onse.

Ngati chinabwerera chifukwa chosowa ndalama, cheke china cha akaunti yomweyo ndi lonjezo lachiwiri la munthu amene loyamba silinakwaniritsidwe. Mudzadikiranso masiku oti chikhwime, ndipo chikabwereranso mudzadulidwanso. Pemphani kuti atumize ndalama kuchokera kubanki yake kupita ku akaunti yanu, kapena akaike kashi m'akaunti mwanu. K20,000 ya chaji ikhoza kubwera pa Airtel Money kapena pa Mpamba, koma ndalama yaikuluyo idutse kubanki, chifukwa maakaunti a pa foni ali ndi malire ndipo kutapa kwake kuli ndi chaji inanso. Cheke cholembedwa ndi banki yeniyeniyo, chimene kasitomala amachita kugula ndalama zitachotsedwa kale m'akaunti mwake, nachonso n'chodalirika kuposa chake.

Chithunzi cha pa foni chosonyeza kuti “ndatumiza” si ndalama. Silipi ya dipoziti nayonso muiwerenge bwino, chifukwa ena amakaika cheke china m'akaunti mwanu n'kukutumizirani silipi ngati aika kashi, ndipo balansi imakweradi kwa masiku angapo. Yang'anani ndalama imene mungathe kutapa, osati imene yangolembedwa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Akuti “kachisiyeninso, ndalama zalowa tsopano.” Ndichite?

Nthawi zina banki yokha imalemba kuti cheke chikhoza kuperekedwanso. Ngakhale zili choncho, funso ndi losavuta: ngati ndalama zalowadi, n'chifukwa chiyani sangazitumize lero lomwe? Kutumiza kumatha msanga kuposa kudikira cheke. Akakana kutumiza koma akuumirira kuti mukachisiyenso, kawirikawiri akugula masiku.

Ngati mwavomera, funsani kaye kubanki yanu ngati chekecho angachilandirenso, ndipo kasitomala alembe, ngakhale pa WhatsApp, kuti chaji yoyamba alipira padera ndipo chikabwereranso chaji yachiwiri ndi yakenso. Kumbukirani kuti chekecho ndi cha K1,850,000 yokha, K20,000 ija mulibe.

Akufuna ndimubwezere cheke chobwereracho asanalipire, akuti akachisonyeze kwa akauntanti wake.

Mpatseni fotokope. Chekecho chili ndi siginecha yake, ndalama yake ndi chidindo cha banki, ndipo ndi umboni wamphamvu kuposa invoisi, chifukwa ndi iye mwini amene analemba kuti akulipirani ndalama imeneyo. Chichoke m'manja mwanu ndalama zitakhwima m'akaunti.

Naye ali ndi nkhawa yomveka: akhoza kutumiza ndalama, inu n'kukasiyanso chekecho, iye n'kulipira kawiri. Ndiye chifukwa chake kalata ija ikulonjeza kumubwezera. Sungani lonjezo limenelo, ndipo asayine kuti walandira.

Wavomera kulipira katundu koma wakana chaji. Nditani?

Landirani K1,850,000. Musakane ndalama yaikulu chifukwa cha yaing'ono. Pa lisiti lembani kuti ndi malipiro a invoisi 0352 ndipo K20,000 ya chaji ikadalipo. Chenjerani ndi pepala lililonse lonena kuti malipirowa atseka nkhani yonse. Mukasayina limenelo, chaji ija mwaikhululuka.

Kenako funsani chifukwa chokanira. Kukampani, nthawi zambiri si kuuma mtima: akauntanti sangatulutse ndalama popanda pepala lomuikira kumbuyo. Mpatseni kapepala koitanitsira chajiyo pakokha, kokhala ndi nambala ya cheke ndi chithunzi cha mzere wa pa sitetimenti, ndipo adzapeza poyilowetsa m'mabuku ake. Ngati ndi munthu payekha amene akungoti “andidula kale,” bwererani ku nkhani ya mabanki awiri ija.

Akakanabe, muyese nokha. Kasitomala amene amagula za mamiliyoni mwezi ndi mwezi, ndipo aka n'koyamba, sindingamutaye chifukwa cha K20,000, koma ndingamuuze poyera kuti ndamukhululukira ulendo uno wokha, osangokhala chete ngati ndaiwala. Amene ndi kachiwiri, chajiyo ilembedwe pa akaunti yake, ndipo katundu wina asatuluke isanalipidwe.

Akupempha kulipira pang'onopang'ono.

Ndalama ina ndi yabwino kuposa kudikira yonse kwa munthu amene zinthu zamuthina. Koma zilembedwe. Ngati wabweretsa K1,000,000 lero, pepala linene kuti ngongole yonse inali K1,870,000, walipira K1,000,000, yatsala K870,000, ndipo idzalipidwa pa tsiku lakuti. Asayine. Pepala limeneli limakuthandizani kawiri: limatsimikiza tsiku, komanso ndi kuvomera kwake kuti chaji ija ndi gawo la ngongole.

Ambiri amapereka macheke a masiku a kutsogolo ngati chikole cha ndalama yotsalayo. Mukhoza kuwasunga, koma musakawasiye kubanki tsiku lisanakwane, ndipo muimbireni foni dzulo lake. Chekecho choyamba chikhalebe kwa inu mpaka tambala yomaliza.

Ndilembe invoisi yatsopano?

Ayi. Malonda anachitika kamodzi. Invoisi yachiwiri ya katundu yemweyo, kapena lisiti lachiwiri la pa makina a msonkho, zimaonetsa ngati mwagulitsa kawiri, ndipo mudzavutika kuzifotokoza kwa a MRA. M'buku lanu, fafanizani malipiro aja polemba mzere wobweza, ngongole ya kasitomala ibwerere pa K1,850,000, ndipo chaji ilembedwe payokha. Mzere wakale usafufutidwe. Mbiri yoti cheke chinalowa n'kubwerera ioneke.

Cheke sichinali chake, chinali cha munthu wina amene ali ndi ngongole kwa iye.

Amene munamugulitsa katundu ndi amene ali nanu ngongole. Akakuuzani kuti “pitani mukaonane ndi mwini cheke,” kanani mwaulemu: inu simunagulitse kanthu kwa munthu ameneyo. Kulondola mwini chekecho ndi ntchito ya kasitomala wanu.

Tsiku lapita, foni sakuyankha. Ndipite kupolisi?

Lembani kaye kalata yachiwiri, yomaliza, yompatsa masiku 7 kapena 14 ndi kunena kuti akapanda kulipira nkhani ipita kukhoti. Nenani zokhazo zimene mudzachitedi. Kalata yochokera kwa loya imagwedeza anthu ambiri amene ankanyozera foni yanu, koma funsani mtengo wake musanamutume, muuyerekeze ndi ngongoleyo.

Kuitanitsa ngongole ndi nkhani ya kukhoti la milandu ya pakati pa anthu. Ndalama zocheperapo zimapita kwa majisitireti, zikuluzikulu ku High Court, yomwe ili ndi nthambi yoona za malonda muno mu Blantyre. A ku ofesi ya khoti kapena loya adzakuuzani kumene ndalama yanu ikugwera. Mutenge invoisi, pepala losonyeza kuti katundu analandiridwa, chekecho, sitetimenti, makalata onse awiri ndi mauthenga a pa foni. Pa mlandu wa cheke mukhoza kupemphanso chiwongoladzanja. Lamulo limapereka zaka 6 zoti munthu asumire ngongole ya pangano, koma amene wasowa ndalama lero akhoza kutseka kampani chaka chisanathe.

Kupolisi n'koyenera pamene pali chinyengo: munthu watenga katundu ndi cheke cha akaunti imene akudziwa kuti inatsekedwa, cheke chakuba, siginecha yopeka, kapena wapereka dzina ndi malo abodza. Kasitomala wakale amene analipira ngongole ndi cheke n'kupezeka kuti ndalama zinachedwa kulowa ndi nkhani ina, ndipo apolisi akhoza kukubwezani kuti mukasume. Kumuopseza ndi selo kuti alipire, kapena kukatenga katundu wake mwamphamvu pa saiti, kukhoza kukutembenukirani.

Ndingaike chithunzi cha chekecho pa Facebook kapena pa gulu la amalonda kuti ena achenjere?

Musatero. Pa chekepo pali dzina, nambala ya akaunti ndi siginecha ya munthu. Kuzimwaza kukhoza kukubweretserani mlandu woipitsa mbiri, ndipo kuyambira 2016 dziko lino lili ndi lamulo loona za pa intaneti, Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene anthu amadandaulira nalo pa zolembedwa zotere. Komanso munthu amene mwamuyalutsa kale alibenso chifukwa chofulumirira kukulipirani.

Walipira zonse. Ndipitirize kumulandira macheke?

Ngati chinali cholakwika cha kalembedwe, pitirizani monga kale. Ngati kunali kusowa ndalama, muuzeni maso ndi maso kuti kuyambira tsopano katundu azituluka ndalama zikakhwima, kapena azilipira potumiza. Makontilakitala ambiri amamvetsa, chifukwa nawonso amachita zomwezo kwa amene amawamangira.

Pa makoteshoni ndi mainvoisi anu onse onjezerani mzere umodzi: “Cheke chikabwerera, kasitomala adzabweza machaji onse amene banki yatidula, ndipo malipiro olowa m'malo adzakhala a kashi kapena otumiza kubanki.” Mzerewu ukhale pa koteshoni imene kasitomala amasayina asanatenge katundu, chifukwa mawu oonekera koyamba pa invoisi malonda atachitika kale akhoza kuwakana kuti sanagwirizane nawo.